Disiki ili kalikiliki koma kompyuta siyenda: nthawi imathera kuti?

Aliyense amene wagwiritsapo ntchito laputopu yakale ya Windows anachionapo ichi. Mwaiyatsa, mwadina pulogalamu, palibe chikuchitika. Mukatsegula Task Manager n'kuyang'ana pa disiki, mupeza `Active time` ili pa 100%, kusonyeza kuti disikiyo sikupuma ngakhale pang'ono. Koma m'munsi mwake, pamene pamaonetsa liwiro lowerengera, pakungooneka megabayiti imodzi pa sekondi, mwina osafikanso. Disiki yomweyo, mukamakopera filimu dzulo lake, inkathamanga mamegabayiti 100 pa sekondi. Ambiri amathamangira kunena kuti ndi vairasi, ena amati disiki yayamba kufa. Nthawi zina n'zoona. Koma kawirikawiri disikiyo ili bwinobwino, ikungochita zimene chitsulo chozungulira chingathe.

Chinsinsi chake n'chakuti hadi disiki imathera nthawi yochepa kwambiri ikuwerenga. Nthawi yambiri imathera pa ulendo wopita kumene kuli chowerengedwacho.

## Mbale, mkono ndi kamutu

M'kati mwa hadi disiki muli mbale zopyapyala za aluminiyamu kapena galasi, zokutidwa ndi zinthu zogwira maginito, ndipo zonse zimazungulira pa mtengo umodzi. Deta imalembedwa m'mizere yozungulira mbaleyo, umodzi m'kati mwa unzake, ndipo mzere uliwonse umatchedwa thiraki. Thiraki imadulidwa m'tizigawo totchedwa masekita. Kale sekita inali ya mabayiti 512, koma kuyambira cha m'ma 2010 madisiki ambiri ali ndi masekita a mabayiti 4,096. Pamwamba pa mbale iliyonse pamayandama kamutu kowerenga ndi kulemba, kali kunsonga kwa mkono umene umayenda kuchokera m'mphepete mwa mbale kupita pakati n'kubwereranso. Kamutuka sikakhudza mbale. Kamayandama pa kamphepo kamene kuzungulirako kamapanga, ndipo mpata wake ndi wochepa kwambiri moti kafumbi kamodzi n'chimwala.

Kompyuta ikapempha sekita inayake, pamachitika zinthu zitatu motsatizana. Mkono usunthe mpaka kamutu kafike pa thiraki yoyenera. Kenako kamutu kadikire kuti mbale izungulire mpaka sekita yofunikayo ifike pansi pake. Pomaliza deta iwerengedwe pamene masekita akudutsa. Pa chikalata cha wopanga disiki, zitatuzi zimalembedwa kuti `average seek time`, `average latency` ndi `sustained transfer rate`, ndipo nthawi yonse ndi kuphatikiza basi:

```
T = seek + (60 / rpm) / 2 + size / rate
```

Tiyeni titenge disiki wamba ya kompyuta ya patebulo: imazungulira maulendo 7,200 pa mphindi, mkono wake umatenga pafupifupi mamilisekondi 9 kuti usunthe, ndipo ikayamba kuwerenga imakoka mamegabayiti 150 pa sekondi. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi.

Kudikira kuzungulira n'kosavuta kuwerengera, chifukwa palibe chobisika. Maulendo 7,200 pa mphindi ndi maulendo 120 pa sekondi, choncho ulendo umodzi ndi mamilisekondi 8.33. Kamutu kakafika pa thiraki, mwina sekita ili pafupi kufika, mwina yangodutsa kumene ndiye muyenera kudikira ulendo wathunthu. Mukayesa kambirimbiri, zimagwera pakati: theka la ulendo, mamilisekondi 4.17. Disiki ya laputopu yozungulira maulendo 5,400 imadikiritsa 5.56, ndipo madisiki a maseva ozungulira maulendo 15,000 amadikiritsa 2 okha. Nambala imeneyi simungaisinthe ndi pulogalamu iliyonse. Inakhomedwa tsiku limene motayo inapangidwa.

Kusuntha kwa mkono ndiye kuli ndi nkhani. Si ulendo wa liwiro limodzi ayi. Mkono umanyamuka n'kuwonjezera liwiro, ukayandikira umachepetsa, ndipo ukafika sungayambe kuwerenga nthawi yomweyo chifukwa umakhala ukunjenjemera. Uyenera kukhazikika kaye, kamutu kawerenge zizindikiro zimene zinalembedwa pa mbale kufakitale kuti katsimikize kuti kali pakati penipeni pa thiraki yoyenera. Kukhazikika kumeneku kulipo ngakhale ulendo ukhale waufupi bwanji, n'chifukwa chake kungosamukira pa thiraki yoyandikana nayo kumatha kudya pafupifupi milisekondi imodzi. Ulendo wochokera m'mphepete kufika pakati umadya pafupifupi kawiri ka nambala imene amalemba pa chikalata. Nambala ya pa chikalatayo imayerekeza kuti malo amene mukuchokera ndi amene mukupita angosankhidwa mwachisawawa, ndipo masamu amati mtunda wotero umakhala gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wonse. Choncho 9 uja si lamulo. Deta yanu ikakhala pamodzi mbali imodzi ya mbale, mudzaona nambala yocheperapo.

Liwiro lokoka deta nalonso silifanana paliponse. Mathiraki a m'mphepete ndi aatali ndipo amanyamula masekita ambiri kuposa a pakati, pamene mbale ikuzungulira pa liwiro limodzimodzi. Ndiye pa ulendo umodzi m'mphepete mumadutsa deta yambiri. Pakati liwiro limatsika kufika pafupifupi theka. Disiki imayamba kudzaza kuchokera m'mphepete, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene disiki yatsopano imaoneka yachangu kuposa yodzaza.

## Gigabayiti imodzi, maulendo awiri

Tsopano tiwerenge kachidutswa kamodzi ka makilobayiti 4, kukula kumene Windows, Linux ndi mapulogalamu ambiri amakonda kupempha. Mkono: mamilisekondi 9. Kudikira: 4.17. Kuwerenga kwenikweniko: mabayiti 4,096 pa liwiro la mamegabayiti 150 pa sekondi ndi mamilisekondi 0.027. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 13.2.

Taonani kagawidwe kake. Mwa mamilisekondi 13.2 amenewa, ntchito imene munaituma disiki yatenga 0.027. Pa magawo 1,000 a nthawiyo, awiri okha ndiwo anali owerenga. Zili ngati kupita ku mjigo wa kutsidya, kuima pa mzere, n'kubwerako ndi madzi a m'kapu. Mjigowo ulibe vuto, umalavula madzi ambiri. Vuto ndi kapu.

Ngati pempho lililonse likutenga mamilisekondi 13.2, pa sekondi disiki ikwanitsa mapempho pafupifupi 76. Nambala imeneyi ndi imene pa zikalata ndi pa mapulogalamu oyezera imalembedwa kuti IOPS. Mapempho 76 a makilobayiti 4 ndi mamegabayiti 0.3 pa sekondi. Ndi chithunzi chija cha Task Manager: disiki ili pa 100%, sikunama, ikugwiradi ntchito osapuma, koma ntchitoyo ndi yoyendayenda. Pa laputopu ya maulendo 5,400, imene mkono wake umatenga mamilisekondi ngati 12, pempho limodzi ndi 17.6 ndipo mapempho pa sekondi safika 60. Malaputopu ena ogwiritsidwa kale ntchito amene amagulitsidwa m'matauni mwathu amabwera ndi disiki yotereyi, ndipo Windows ikamayaka, pulogalamu yoteteza ku mavairasi ikufufuza, ina ikukonza mndandanda wa mafayilo, ina ikutsitsa zatsopano, onsewo akukanganirana mapempho osakwana 60 amenewo.

Tiyerekeze kuti muli ndi gigabayiti imodzi yoti muwerenge. Ikakhala fayilo imodzi, yolembedwa mondondozana pa mbale, mumalipira ulendo kamodzi kokha, kenako n'kungokoka: mamegabayiti 1,000 pa liwiro la 150 ndi masekondi osakwana 7. Koma gigabayiti yomweyo ikakhala timafayilo pafupifupi 250,000 ta makilobayiti 4, tomwazikana pa disiki yonse, mumalipira ulendo maulendo 250,000. Kuchulukitsa ndi mamilisekondi 13.2 kukupereka masekondi 3,300, omwe ndi mphindi 55. Deta yofanana, disiki yomweyo, koma kuno masekondi 7, uko pafupifupi ola.

Zoona zake, kompyuta yeniyeni siigwera ndendende pa nambala imeneyi. Kuti itsegule fayilo iyenera kupeza kaye pamene dzina lake ndi malo ake zinalembedwa, ndipo umenewo ungakhale ulendo winanso. Mbali inayi, mafayilo amene analembedwa nthawi imodzi nthawi zambiri amakhala moyandikana, ndipo zimene zawerengedwa kale zimasungidwa mu RAM. Zina zimawonjezera, zina zimachepetsa. Koma kukula kwa kusiyanaku n'koona, ndipo aliyense amene anakoperapo foda ya timafayilo tambirimbiri anaona nthawi yotsala ikudumpha kuchoka pa mphindi ziwiri kufika maola.

Pali funso limodzi limene ine ndimaliona lothandiza kuposa ena onse: kodi chidebe chikule bwanji kuti ulendo upindule? Yankho lili pa kuchulukitsa nthawi ya ulendo ndi liwiro lokoka. Mamilisekondi 13.2 pa liwiro la mamegabayiti 150 pa sekondi ndi pafupifupi mamegabayiti 2. Kutanthauza kuti nthawi iliyonse imene mkono wanyamuka, mwataya mpata wowerenga mamegabayiti 2. Mukamawerenga zidutswa za mamegabayiti 2, theka la nthawi likupita ku ulendo, theka ku ntchito. Zidutswa zikakula kuposa apo, mukuyandikira liwiro la pa chikalata. Zikachepa kwambiri, liwiro la pa chikalatalo lilibenso tanthauzo. Apa ndi pamene pamachokera chinthu chimene chimadabwitsa oyamba kumene kuphunzira za madetabesi: nthawi zina n'kwachangu kuwerenga tebulo lonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, n'kutaya zosafunika, kusiyana n'kutsata indekisi imene ikukutumani malo 10,000 osiyanasiyana. Malo 10,000 ndi masekondi 132, ndipo m'nthawi imeneyo disiki ikanawerenga mondondoza pafupifupi magigabayiti 20.

Vutoli lakhala likukula m'malo mochepa. Disiki yoyamba, IBM 350 ya makina a RAMAC mu 1956, inali ndi mbale 50 za mainchi 24, inkazungulira maulendo 1,200 pa mphindi, inkasunga zilembo 5 miliyoni, ndipo kupeza malo kunkatenga pafupifupi mamilisekondi 600. Lero disiki ya matelabayiti 20 si yachilendo, kutanthauza kuti malo osungira achuluka maulendo mamiliyoni angapo. Nthawi yopezera malo yatsika maulendo osafika 50. Liwiro la 7,200 linabwera ndi Barracuda ya Seagate mu 1992, la 15,000 linabwera ndi Cheetah X15 mu 2000, ndipo kuchokera apo palibe anapitirira. Kuzungulitsa mbale mwachangu kumadya magetsi, kumatenthetsa, kumagwedeza. Kuthinanitsa deta pa mbale kumawonjezera malo ndi liwiro lokoka, koma sikufupikitsa ulendo wa mkono.

Ndiye kwa zaka zambiri nzeru zonse zinapita pa kupewa ulendowo. Mapempho akachuluka, sayankhidwa motsatira amene anabwera koyamba. Amasanjidwa potengera malo, kuti mkono uyende mbali imodzi ukutola onse a m'njira, kenako ubwerere, monga minibasi imatsitsira anthu motsatira masiteji osati motsatira amene anayamba kukwera. Madisiki olumikizidwa ku kompyuta ndi waya wa mtundu wa SATA ali ndi njira yotchedwa NCQ imene imalola disiki kulandira mapempho mpaka 32 n'kudzisankhira yokha woyamba, poona kumene kamutu kali ndi kumene mbale yafika. Kompyuta ikaona kuti mukuwerenga mondondoza, imawerengeratu za kutsogolo musanapemphe. Ndipo ntchito ija yakale yosonkhanitsa zidutswa za fayilo pamodzi, imene pa Windows imalembedwa `defrag`, cholinga chake chinali chomwechi. Zonsezi zimathandiza, mwina kuwirikiza kawiri mapempho pa sekondi. Sizisintha mtundu wa chinthucho.

## Pamene palibe choyenda

SSD, mtundu wina wa disiki umene ukulowa m'malo mwa hadi disiki, ilibe mbale, ilibe mkono. Deta imakhala m'machipu a fulashi a mtundu wa NAND, umene Fujio Masuoka ndi anzake ku Toshiba anaulengeza mu 1987. Selo lililonse limasunga mphamvu ya magetsi yotsekeredwa, ndipo kuchuluka kwa mphamvuyo ndiko kumaimira deta. Kufikira selo ili kapena lija ndi nkhani yongotsegula mawaya oyenera. Pa fomula yathu ija, gawo loyamba ndi lachiwiri amachoka onse. M'malo mwake mumabwera kanthawi kochepa: kontirola, chipu chimene chimayendetsa SSD, iyang'ane pa mapu ake kuti detayo ili pati, chipu iyeze maselo, zolakwika zikonzedwe, deta idutse pa waya. Pa SSD wamba ya SATA zonsezi, kwa makilobayiti 4, ndi pafupifupi mamilisekondi 0.1.

Tibwereze masamu aja. Timafayilo 250,000 kuchulukitsa ndi 0.1 ndi masekondi 25, pamene hadi disiki inatenga mphindi 55. Kusiyana kwake ndi maulendo oposa 130. Nanga fayilo imodzi yaikulu ija? SATA imathera pa mamegabayiti pafupifupi 550 pa sekondi, ndiye gigabayiti itenga masekondi osakwana 2, pamene hadi disiki inatenga 7. Apa kusiyana sikufika kanayi.

Nambala ziwirizi, 130 ndi 4, zikufotokoza zambiri. Munthu amene amangosunga mafilimu n'kumaonera sadzaona kusintha kwenikweni akagula SSD, ndipo n'chifukwa chake hadi disiki idakali ndi malo posungira zinthu zazikulu zimene zimawerengedwa mondondoza. Koma laputopu imene inkatenga mphindi zitatu kuti iyake imasanduka ina, ngakhale purosesa ndi RAM zili zomwezo, chifukwa kuyaka kwa kompyuta ndi timaulendo masauzande ambiri ta kapu. Chidebe chija chimachepanso: 0.1 kuchulukitsa ndi 550 ndi makilobayiti 55 okha, osati mamegabayiti 2. Kuwerenga mondondoza kudakali kwachangu kuposa kudumphadumpha, koma chilango cha kudumpha chachepa zedi.

Pali chinanso chimene chasintha, ndipo ichi ndi chimene otsatsa malonda amachigwiritsa ntchito kutisokoneza. Hadi disiki wamba, mwa mitu yake yonse, imawerenga ndi umodzi pa nthawi, ndiye imatumikira pempho limodzi pa nthawi. SSD ili ndi machipu angapo pa njira zingapo, ndipo onse angagwire ntchito nthawi imodzi. Pulogalamu ikamatumiza pempho limodzi, n'kudikira yankho, kenako lina, mamilisekondi 0.1 akupatsani mapempho 10,000 pa sekondi basi, ndipo machipu ambiri angokhala. Mukatumiza 32 nthawi imodzi, SSD yabwino ya SATA imayandikira 90,000 kapena 100,000. NVMe, njira yolumikizira imene inakhazikitsidwa mu 2011 poganizira fulashi, imalola mizere ya mapempho yokwana masauzande ambiri, ndipo imadutsa pa PCIe, msewu wachangu wa deta m'kati mwa kompyuta: pafupifupi mamegabayiti 3,500 pa sekondi pa m'badwo wachitatu, 7,000 pa wachinayi. Nambala zazikulu za pa katoni zimapezeka mzere utadzaza. Koma kutsegula Word kapena bulawuza nthawi zambiri ndi ntchito ya pempho limodzi kapena awiri pa nthawi, chifukwa pulogalamu iyenera kuwerenga ichi kuti idziwe chotsatira. Pamenepo chimene chimalamulira ndi nthawi ya pempho limodzi, ndipo pa NVMe nthawiyo ndi yocheperako pang'ono chabe poyerekeza ndi SATA, popeza chipu cha fulashi n'chofanana. Kuchoka pa hadi disiki kupita pa SSD ya SATA ndi kusamuka. Kuchoka pa SATA kupita pa NVMe, kwa munthu wa ntchito za mu ofesi, n'kusintha mpando m'nyumba yomweyo. Ine wina akandifunsa ali ndi ndalama zochepa, ndimati agule ya SATA yokulirapo kusiyana ndi ya NVMe yaing'ono, ndipo chifukwa chake chili m'munsimu.

## Ngongole yasamukira pa kulemba

Pa hadi disiki, kulemba ndi kuwerenga zimadya nthawi yofanana, ndipo sekita mungailembe pamwamba pa zakale popanda mwambo. Fulashi siitero. Imawerengedwa ndi kulembedwa m'masamba, nthawi zambiri a makilobayiti 16 masiku ano. Tsamba lolembedwa kale silingalembedwenso lisanafufutidwe. Ndipo kufufuta sikuchitika pa tsamba limodzi, kumachitika pa buloko yonse ya masamba mazana angapo. Kulemba tsamba kumatenga nthawi yochuluka kangapo kuposa kuliwerenga, ndipo kufufuta buloko kumatenga mamilisekondi angapo. Ganizirani bolodi la m'kalasi limene mungalembe mzere umodziumodzi, koma chofufutira chake chimasesa bolodi lonse nthawi imodzi.

Ndiye mukasintha chilembo chimodzi mu fayilo, SSD siibwerera pa tsamba lakale. Imalemba pa tsamba lina loyera, n'kusintha mapu ake kuti adiresi ija tsopano ikuloza kuno, ndipo tsamba lakale limangoikidwa chizindikiro kuti ndi lakufa. Kompyuta siidziwa zimenezi, imaganiza kuti yalemba pamalo pomwepo. Izi n'zachangu bola masamba oyera alipo. Akayamba kutha, kontirola iyenera kusankha buloko, kukopera masamba ake amoyo kwina, n'kufufuta bulokoyo kuti ipeze malo.

Apa masamu ndi osavuta ndipo ndi amene amasonyeza chifukwa chake SSD yodzaza imafooka. Tiyerekeze buloko ya masamba 256. Ngati SSD ili ndi malo ambiri, kontirola ingapeze buloko imene masamba 64 okha ndiwo amoyo. Ikopera 64, ifufuta, yapindula malo 192. Kuti inu mulembe masamba 192, fulashi yalemba 256, chiwonjezero chochepa. Koma SSD ikadzaza, buloko yabwino kwambiri imene ingapezeke mwina ili ndi masamba 192 amoyo. Ikopera 192 kuti ipindule 64. Pa tsamba lililonse limene inu mwalemba, fulashi yalemba anayi. Liwiro lolemba latsika, ndipo maselo, amene amatha pang'ono nthawi iliyonse afufutidwa, akutha mwachangu kanayi. Choipa china n'chakuti pempho lowerenga likagwera pa chipu chimene chili pakati pa kufufuta, lingadikire, ndipo 0.1 uja amasanduka mamilisekondi angapo. Hadi disiki inali yochedwa koma yodziwikiratu. SSD ndi yachangu koma nthawi zina imachedwa mosayembekezereka.

Opanga amasiya malo ena obisika kuti kontirola izipumirapo. Palinso lamulo lotchedwa TRIM. Mukafufuta fayilo, kompyuta imangochotsa dzina pa mndandanda wake, ndipo SSD payokha siingadziwe kuti masamba ajawo ndi akufa. Ikanapitiriza kumawakopera uku ndi uku ngati chuma. TRIM ndiyo imaiuza. Pa Windows, lamulo ili likayankha 0 ndiye kuti TRIM ikugwira ntchito:

```
fsutil behavior query DisableDeleteNotify
```

TRIM ili ndi mbali yake yowawa: fayilo imene mwaifufuta mwangozi pa SSD nthawi zambiri siibwezeka, pamene pa hadi disiki inkakhalabe pa mbale mpaka china chilembedwe pamwamba pake.

Chinthu china chimene chimasokoneza anthu ndi kugwa kwa liwiro pakati pa kukopera. Ma SSD otsika mtengo amasunga mabiti atatu kapena anayi mu selo limodzi, zimene pa katoni zimalembedwa TLC ndi QLC. Kusiyanitsa milingo 8 kapena 16 ya mphamvu mu selo limodzi kumafuna kulemba mosamala, ndiye n'kochedwa. Kuti zisaonekere, kontirola imatenga mbali ina ya fulashi n'kumailemba biti imodzi pa selo, mwachangu, n'kudzasamutsa pambuyo pake ikapeza mpata. Mukamakopera magigabayiti ochepa simudzaona kanthu. Mukakopera ambiri nthawi imodzi, mbali yachanguyo imadzaza ndipo liwiro limagwa mwadzidzidzi, pa ma QLC ena kufika pansi pa liwiro la hadi disiki. SSD siinawonongeke. Pa ma SSD ambiri mbali yachanguyo imatengedwa pa malo opanda kanthu, ndiye SSD ikamadzaza nayonso imachepa.

## Kuzindikira chimene chikukuchedwetsani

Osayang'ana peresenti yokha. Pa Task Manager yang'anani `Average response time` pamodzi ndi liwiro. Pa hadi disiki, mamilisekondi 10 mpaka 20 ndi moyo wake wa masiku onse. Mukaona mazana angapo pamene liwiro lili pansi, nthawi zambiri ndi mzere: mapempho 30 akudikira, lililonse mamilisekondi 15, womaliza adikira pafupifupi theka la sekondi. Pa Linux chithunzi chomwecho chimaoneka ndi:

```
iostat -x 1
```

Gawani `rkB/s` ndi `r/s` kuti mudziwe kukula kwa pempho limodzi, kapena muwerenge `rareq-sz`. Mukapeza makilobayiti 4 kapena 8, mapempho ali cha m'ma 100, `%util`, peresenti ya kutanganidwa kwa disiki, ili pafupi ndi 100, ndiye kuti disiki yafika pamapeto a mkono wake ndipo palibe chokonza koma kuchepetsa mapempho, kuwonjezera RAM kapena kusintha disiki. `r_await`, nthawi yodikira kuwerenga, ikakwera pamodzi ndi `aqu-sz`, kutalika kwa mzere wa mapempho, vuto ndi mzere. Koma `r_await` ikafika masekondi pamene mzere ndi waufupi, nkhani ndi ina. Disiki ikulephera kuwerenga sekita ina n'kumabwereza, ndipo kubwereza kulikonse ndi ulendo wina wa mbale. Pamenepo lembani lamulo la `smartctl -a /dev/sda`, muone `Reallocated_Sector_Ct` ndi `Current_Pending_Sector`, ziwerengero za masekita ovuta. Zikamakwera, koperani zanu lero lomwe.

Pa SSD `%util` imanamiza. Imangonena kuti panali pempho limodzi kapena kuposa m'kati nthawi yonseyo, ndipo SSD imene ingatumikire mapempho ambiri nthawi imodzi ingaonetse 100% ili ndi mphamvu zambiri zotsala. Kumeneko khulupirirani nthawi yodikira, makamaka ya kulemba, `w_await`, ndipo muone ngati ikudumpha SSD ikadzaza.

Mapulogalamu ambiri anakulira m'nthawi ya mkono ndipo ena adakali ndi zizolowezi zake. Pulogalamu ya detabesi ya PostgreSQL imabwera ndi `seq_page_cost` ya 1.0 ndi `random_page_cost` ya 4.0, kusonyeza kuti imayesa kuwerenga kodumpha kukhala kodula kanayi. Pa hadi disiki kusiyana kwenikweni n'kwakukulu kuposa apo, ndipo 4 anasankhidwa poganizira kuti zambiri zimapezeka kale mu RAM. Mukasamutsira detabesi pa SSD n'kusiya nambalayo, PostgreSQL nthawi zina imapewa indekisi n'kuwerenga tebulo lonse, poopa ulendo umene kulibenso. Ambiri amaitsitsa kufika 1.1. Linux imadziwa mtundu wa disiki poyang'ana `/sys/block/sda/queue/rotational`, pamene 1 ndi mbale ndipo 0 ndi fulashi, ndipo pa NVMe nthawi zambiri siivutikanso n'kusanja mapempho. Windows nayo ikazindikira SSD, ntchito yake ya mlungu ndi mlungu mu `Optimize Drives` imakhala kutumiza TRIM. Amene amatsitsa pulogalamu yapadera kuti azisonkhanitsa zidutswa za mafayilo pa SSD mlungu uliwonse akungolemba magigabayiti ambirimbiri pa maselo amene amatha ndi kulemba, pofuna kufupikitsa ulendo wa mkono umene mulibe m'bokosimo.